Mmene ndimadziyezera thupi ndisanaitanitse zovala kunja

Mutati mutsegule kabati yanga ya zovala n'kuyang'ana tinsalu ta m'khosi, mupeza M, L, XL ngakhalenso XXL. Zonsezo zimandikwana bwinobwino, ndipo thupi ndi lomweli, silinanenepe kapena kuwonda. Chimene chimasiyana ndi kumene chovalacho chinasokedwa. Palibe lamulo limodzi la dziko lonse lonena kuti L akhale wa masentimita mwakuti. Kampani iliyonse imadula nsalu potengera matupi a anthu amene ikufuna kuwagulitsa, n'chifukwa chake L wa ogulitsa ambiri a ku China amakhala wochepa poyerekeza ndi L wa ku America kapena ku Ulaya. Ngakhale manambala amasiyana: diresi ya 12 ku Britain nthawi zambiri ku America amailemba 8. Choncho ine ndikamaitanitsa chovala pa intaneti, chilembo chija ndimachiyang'ana pomalizira penipeni. Choyamba ndi manambala a thupi langa, chachiwiri ndi kudziwa ngati manambala a wogulitsayo akunena za thupi la munthu kapena za chovalacho. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi zimene ndikufuna kukufotokozerani.

Ndiyambe ndi tepi yoyezera, poti tepi ikanama zonse zotsatira zimanama nayo.

Mng'ono wanga anandipempha kuti ndimuitanitsire bulauzi pamodzi ndi katundu wanga. Ndinamuuza kuti adziyeze pachifuwa anditumizire pa foni. Uthenga unabwera wakuti mainchi 27. Ndinawerengera: inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye 27 akupereka masentimita osakwana 69. Chimenecho ndi chifuwa cha mwana wa ku pulayimale, pomwe iye ndi mayi wamkulu ndithu. Ndinamuimbira.

"Iwe, watenga tepi yanji?"

"Ya atelala yomwe ija, akulu. Mbali ina ndi masentimita, mbali ina mainchi."

"Tayang'ana kumapeto kwake. Mbali ya masentimita yathera pa chiyani?"

"Pa 150."

"Nanga mbali inayo?"

"Pa 45."

Vuto linali pamenepo. Tepi ya masentimita 150 ikakhala ya mainchi enieni, mbali inayo imathera pa 59 kapena 60. Ikathera pa 45, amenewo si mainchi koma muyezo wa Chitchaina umene gawo lake limodzi ndi masentimita 3.33. Matepi oterewa alipo ambiri, ndipo mizere yake imaoneka ngati mainchi moti munthu sungakayikire. Atatembenuza tepi ija n'kuwerenga mbali ya masentimita anapeza 90, omwe ndi mainchi 35 ndi pang'ono. Kuyambira pamenepo aliyense wondipempha kuti ndimuitanitsire chovala ndimamuuza kuti andipatse masentimita okhaokha. Masentimita alibe wofanana naye woti angasokoneze, komanso mizere yake ndi ing'onoing'ono, ndiye muyezo umakhala wolondola kwambiri. Ngati wogulitsa walemba mainchi, ndimachulukitsa ndekha ndi 2.54, kapena ndimafufuza kabatani kosinthira kolembedwa "CM" ndi "IN" kamene masitolo ambiri amaika pamwamba pa tchati chawo cha masayizi.

Tepi yakale imatanukanso, makamaka yansalu kapena imene yakhala ikukulungidwa mothina. Igonekeni pambali pa rula yachitsulo kapena yapulasitiki muone ngati 30 wa tepi akugwera pa 30 wa rula. Ngati pa masentimita 30 yatanuka ndi theka la sentimita, ndiye kuti pozungulira mahipi idzakunamizani ndi sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, ndipo idzakuuzani kuti ndinu ochepa kusiyana ndi mmene mulili. Onaninso poyambira pake: matepi ena 0 amayambira kunsonga kwenikweni kwa kachitsulo, ena amasiya kampata. Ngati mulibe tepi yofewa, chingwe chosatanuka chimathandiza. Chizungulizeni, tsinani ndi chala pamene chakumana, kenako chigonekeni pa rula. Tepi yachitsulo ya akalipentala siyenera pathupi chifukwa sipindika motsatira mnofu.

Tsopano thupi lenilenilo. Ine ndimadziyeza nditavala zamkati zokha, ndipo kamisolo amakhala yemweyo amene ndidzavale ndi chovala chimene ndikuitanitsacho, chifukwa kamisolo wa masiponji amatha kuwonjezera masentimita awiri kapena atatu. Ndimavula nsapato, ndimaima patsogolo pa galasi lalitali, mapazi pamodzi, mapewa ali momasuka. Ngati pali wina panyumba, ndimamupempha kuti agwire tepi. Ukamadziyeza wekha umakweza zigongono ndi kuweramitsa mutu kuti uwerenge nambala, ndipo zonsezi zimasintha chifuwa ndi mimba. Kukakhala kuti ndili ndekha, ndimatsina tepi ndi chala pamene yakumana, n'kuimasula, kenako n'kuwerenga.

Pachifuwa tepi imadutsa pamene patukuka kwambiri, n'kuzungulira kumsana modutsa m'munsi mwa khwapa. Chimene chimavuta ndi kumsanako. Kutsogolo mumaona kuti tepi ili bwino, pomwe kumbuyo yatsetsereka n'kugwa pansi kapena yakwera, ndipo tepi yopendekeka imapereka nambala yolakwika nthawi zonse. Tembenukani cham'mbali muyang'ane pagalasi: iyenera kukhala yowongoka, kutalika kwake kuchokera pansi kukhale kofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Tsitsani manja, pumani mwa masiku onse, ndipo werengani mutangotulutsa mpweya. Tepi ikhudze khungu kuzungulira konse koma isalowe m'mnofu. Mukaichotsa n'kupeza kuti yasiya mzere pakhungu, munakoka kwambiri. Musasiyenso mpata dala poganiza kuti chovala chisadzathine. Mpatawo tiuwerengera patsogolo, koma pano tikufuna thupi mmene lilili.

M'chiuno ndi mmene anthu ambiri amasochera, chifukwa pamene timamanga lamba si pamene osoka amayeza. Tchati chikalemba "Waist" pa diresi kapena bulauzi, chikunena pamene thupi lachepa kwambiri, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, nthawi zambiri pamwamba pang'ono pa mchombo. Kuti mupapeze, pendekerani kumbali ngati mukufuna kugwira bondo. Pamene thupi lapinda mkwinya ndi pomwepo. Ine ndimamanga kachingwe kapena lasitiki woonda pamenepo, ndimayendayenda pang'ono kuti akhazikike yekha, kenako ndimayeza pamwamba pake. Apa ndikupemphani ndithu, musafinye mimba. Palibe amene akuonani, ndipo nambala imeneyi simukupita nayo kwa wina aliyense. Mimba yofinyidwa imachotsa masentimita atatu kapena asanu, koma chovala mudzachivala tsiku lonse, mukupuma, mutakhala pansi, mutadya.

Mahipi nawo si pafupa limene mumagwira mukaika manja m'chiuno. Ndi m'munsi, pamene matako atukuka kwambiri, kwa anthu ambiri masentimita 18 mpaka 23 kutsika kuchokera pakachingwe kaja. Mapazi akhale ogundana. Zungulizani tepi, kenako itsetsereni pang'onopang'ono kukwera ndi kutsika osaimasula. Pamene yafuna mpata waukulu kwambiri kuti idutse, nambala yanu ndi imeneyo. Ena pamene pakula kwambiri ndi pamwamba pa ntchafu osati pamatako, ndiye tengani nambala yaikuluyo, poti siketi iyenera kudutsa pamenepo.

Ine ndimawonjezera muyezo wina umene matchati salemba: mahipi nditakhala pampando. Ndimakhala pampando wouma tepi ili chizungulire, ndipo ndimailola kuti imasuke yokha. Ndikaima ndimapeza 104, ndikakhala 108. Nambala yachiwiriyi yandipulumutsa ku masiketi ambiri amene akanandikwana ndili chiimire koma n'kuphulika msoko ndikangokhala.

Muyezo uliwonse ndimaubwereza. Ukasiyana ndi woyamba kupitirira sentimita imodzi, ndimayezanso mpaka awiri agwirizane. Ndikatero ndimalemba m'foni pamodzi ndi deti, ndipo pakatha miyezi ingapo, kapena ndikaona kuti zovala zayamba kundigwira mwachilendo, ndimayezanso.

Tsopano tili ndi manambala. Anga ndi 96 pachifuwa, 80 m'chiuno, 104 m'mahipi. Apa ndi pamene munthu amathamanga kukafufuza 96 patchati n'kudina sayizi imene ili pambali pake, koma pali funso loyamba kuliyankha. Matchati alipo a mitundu iwiri. Ena amalemba kukula kwa thupi limene sayiziyo inasokedwera, ndipo pamwamba pake pamalembedwa "Body measurements" kapena "To fit". Ena amalemba kukula kwa chovalacho chitayalidwa patebulo, ndipo mudzaona "Garment measurements", "Product measurements" kapena mawu akuti chinayezedwa "laid flat". Masitolo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amakonda mtundu woyamba. Ogulitsa ambiri a ku Asia amakonda wachiwiri, ndipo ena salembapo n'komwe kuti ndi mtundu uti.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Patchati cha thupi, 96 wanga ndimamufananitsa ndi 96 wawo basi, chifukwa wosoka anawonjezera kale mpata woti ndipume ndi kukweza manja. Patchati cha chovala, 96 akutanthauza kuti nsaluyo ikazungulira ndi 96 ndendende. Thupi la 96 m'nsalu ya 96 yosatanuka ndiye kuti zipi sikwera, ndipo ikakwera mabatani amayasama. Chovala chiyenera kukula kuposa thupi. Pa diresi yogwira thupi yansalu yosatanuka, ine ndimafuna masentimita 5 mpaka 8 owonjezera pachifuwa, 2 mpaka 4 m'chiuno, ndi 5 mpaka 8 m'mahipi. Shati yachimuna imafuna 10 kapena kuposerapo pachifuwa, ndipo jekete yovala pamwamba pa juzi imafuna wochulukirapo.

Nanga ngati sanalembe kuti tchati ndi cha mtundu uti? Yang'anani mitu yake. Mukaona "Length", "Sleeve" kapena "Hem", chimenecho ndi cha chovala, chifukwa thupi la munthu lilibe mpendero. Mukaona kuti sayizi iliyonse ili ndi manambala awiri, ngati 92–96, nthawi zambiri ndi cha thupi. Ndipo mukaona pansi pake atalemba kuti pangakhale kusiyana kwa masentimita 1 mpaka 3 chifukwa anayeza pamanja, dziwani kuti anayeza chovala. Kachiganizo kameneko musakanyoze. Kakutanthauza kuti chimene chalembedwa 108 chikhoza kufika chili 106.

Ndikuonetseni mmene ndinasankhira diresi ina yowongoka, yofika m'mawondo, yazipi kumbuyo. Pofotokoza nsalu analemba "100% Polyester", kutanthauza kuti mulibe ulusi wotanuka. Tchati chake chinali chotere:

```
Size  Shoulder  Bust  Waist  Hip  Length
L     38        98    82     104  100
XL    39        102   86     108  101
XXL   40        106   90     112  102
```

Kungoyang'ana msangamsanga, L akuoneka ngati wanga: 98 ndi woposa 96, 82 ndi woposa 80, ndipo 104 ndi mahipi anga enieni. Koma pali "Length", ndiye ichi ndi tchati cha chovala. L akundisiyira masentimita awiri okha pachifuwa, ndipo m'mahipi palibe mpata ngakhale pang'ono. Ameneyo ndinamusiya. XL pachifuwa akupereka mpata wa 6, womwe ndi wabwino kwambiri, m'chiuno 6. M'mahipi akupereka 4 ndili chiimire, koma ndikakhala pansi ndine 108, wofanana ndendende ndi nsaluyo, ndipo akakhala kuti anayeza molakwitsa ndi masentimita awiri, msoko wakumbuyo ndi umene udzasenze thupi langa. XXL m'mahipi ndi 112, mpata wa 8 ndikaima, wa 4 ndikakhala. Pachifuwa ndi m'chiuno akutaya ndi masentimita 10.

Ndinasankha XXL, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Chovala chachikulu telala amachibweza, koma chaching'ono alibe nsalu yoti awonjezere, poti zovala zosokedwa ku fakitale zimasiyidwa ndi nsalu yochepa kwambiri m'misoko, kawirikawiri pafupifupi sentimita imodzi. Choncho timasankha potengera chiwalo chimene chakula kwambiri, kwinako n'kudzabweza. Ndisanadine ndinayang'ananso mapewa. Anga, kuyeza chakumsana kuchokera pafupa la nsonga ya phewa lina kufika pa linalo, ndi 39. XXL ndi 40, kusiyana kwa sentimita imodzi, theka mbali iliyonse, kumene maso sangaone. Akanakhala 43 ndikanaisiya diresiyo, chifukwa kubweza m'chiuno ndi ntchito yopepuka, koma kubweza mapewa kumafuna kumasula manja onse awiri n'kuwalumikizanso, ndipo si nthawi zonse pamene zimabwerera mokongola.

Itafika ndinaiyala patebulo ndisanaivale. M'mahipi inali 55 ndi theka mbali imodzi, kutanthauza 111 kuzungulira, osati 112. Ndinapita nayo kwa atelala, ndipo ataigwira ndi mapini anati, "Amayi, m'mahipimu sindikhudzamo, muli bwino. Ndingobweza m'mbalimu kuchokera kukhwapa kufika m'chiuno." Anachotsa masentimita anayi pachifuwa ndi asanu ndi limodzi m'chiuno, ndipo inakhala ngati yosoketsa.

Muone kuti diresi yomweyo ikanakhala yotambasuka kuyambira m'chiuno kutsika, ndikanatenga XL, chifukwa mahipi sakanakhalanso nkhani ndipo chifuwa ndicho chikanalamula. Thupi lomwelo, sitolo yomweyo, koma sayizi n'kusintha chifukwa cha kasokedwe. N'chifukwa chake ndimatsegula tchati cha chovala chilichonse pachokha, ngakhale wogulitsa akhale yemwe ndinagulako kale.

Nsalu zotanuka zili ndi malamulo ake. Pofotokoza nsalu mukaona "Elastane" kapena "Spandex", kapena chovalacho n'cholukidwa ngati tisheti ndi juzi, mpata wofunika umachepa. Tisheti yogwira thupi ikhoza kukhala yofanana ndi chifuwa chanu kapena yochepera pang'ono, n'kukukhalani bwino. Koma jinzi imene ili ndi 2 peresenti yokha ya ulusi wotanuka imangomasuka pang'ono, musaiyembekezere kuti ikupatseni sayizi yathunthu. Siketi yalasitiki m'chiuno amakonda kuilemba manambala awiri otalikirana, ngati 64–96. Woyambayo ndi lasitiki ali phee, wachiwiriyo atakokedwa mpaka mapeto. Chiuno chanu chikhale chapakati. Cha 94 chidzalowa ndithu, koma lasitikiyo adzakudyani tsiku lonse ndipo sachedwa kufooka. Thonje lenileni nalo limabwerera likachapidwa koyamba, makamaka m'madzi otentha, ndipo limatha kutaya masentimita atatu kapena kuposerapo pa 100 alionse. Chovala cha thonje chikakhala pamalire penipeni, ndimakwera sayizi imodzi.

Pali njira ina imene ndimaidalira kuposa kuyeza thupi ngati tchati chili cha chovala, ndiyo kuyeza chovala chimene muli nacho kale chimene chimakukhalani bwino. Apa simufunikanso kuganizira za mpata, poti mpata umene thupi lanu limakonda uli kale m'chovalacho. Chofunika n'chakuti chikhale cha mtundu womwewo ndi nsalu yofanana: shati ndi shati, jinzi ndi jinzi.

Ndinachita zimenezi poitanitsa buluku la abambo akunyumba. Nditawafunsa sayizi anangoti, "Ine ndi 34, kuyambira kalekale." Mainchi 34 ndi masentimita 86 ndi pang'ono. Ndinatenga buluku limene amalikonda kwambiri, lolembedwadi 34, ndinamanga batani, kukweza zipi, n'kuliyala pabedi... ayi, pabedi pamabonya, ndinasamukira patebulo. Ndinalisalaza ndi manja osalikoka, n'kuonetsetsa kuti lamba wakutsogolo ndi wakumbuyo agona pamodzi. Kuchokera kumbali kufika kumbali inayo ndinapeza 45, kuchulukitsa kawiri 90. Buluku lolembedwa 34 linali la mainchi 35 ndi theka. Zoterezi n'zofala, makampani ambiri amasoka mabuluku okulirapo kuposa nambala imene alembapo. Patchati cha wogulitsa amene ndinkafuna kugulako, 34 anali wa masentimita 86, ndipo wa 90 anali pa 36. Anadandaula pang'ono atamva 36, koma ndi limene linawakwana.

Pa buluku, chiuno chokha sichikwanira. Ndinayezanso ntchafu, mopingasa mwendo umodzi m'munsi pang'ono mwa mphanda, chifukwa mabuluku ambiri ochokera ku Asia amakhala oonda m'miyendo, moti m'chiuno mukhoza kukwana pomwe ntchafu yakana. Ndinayeza kuchokera pamphanda, pamene misoko inayi yakumana, kukwera motsatira zipi mpaka pamwamba pa lamba. Umenewu patchati amaulemba "Rise", ndipo ndi umene umanena ngati buluku lidzakhale pamchombo kapena m'munsi. Buluku lokhala m'munsi limafuna nambala yaikulu ya chiuno kuposa lokhala pamwamba, poti thupi limakula mukamatsika.

Kutalika kwa mwendo kulinso pawiri. "Inseam" ndi msoko wamkati, kuchokera pamphanda kufika kumpendero, ndipo ndi umene umalembedwa pa jinzi ngati L32, kutanthauza mainchi 32 kapena masentimita 81. Koma wogulitsa akangolemba "Length" n'kuika nambala yoposa 100, akunena msoko wakunja, kuchokera pamwamba pa lamba mpaka pansi. Yezani yonse iwiri pa buluku lanulo kuti mufananitse zofanana. Manja a shati ndi chimodzimodzi. Ambiri amayeza kuchokera pamsoko wa phewa kufika kumapeto, ndipo nambala imakhala cha m'ma 60. Mashati a kolala a ku America amayezedwa kuchokera pakati pa khosi kumbuyo, kudutsa paphewa mpaka padzanja, n'chifukwa chake mudzaona manambala ngati 34/35, omwe ndi mainchi, pafupifupi masentimita 86 mpaka 89. Nambala ikaoneka yaikulu kapena yaing'ono modabwitsa, kawirikawiri si chovala chimene chili chachilendo, koma poyambira tepi.

Momwemonso mukapeza tchati cholemba "Bust 52" pa shati ya munthu wamkulu, musadabwe. Ayeza mbali imodzi, kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa, chovala chili chogona. Chulukitsani kawiri mupeza 104.

Zinthu ziwiri zokhudza zovala za ku China ndizitchule mwachidule, poti mudzakumana nazo. Pakansalu kapena patchati mukhoza kuona 170/92A. Nambala yoyamba ndi kutalika kwa munthu, yachiwiri ndi chifuwa cha thupi lake ngati chili chovala cha kumtunda, kapena chiuno ngati lili buluku kapena siketi, zonse m'masentimita. Chilembo A chikuimira thupi lapakatikati, B ndi C ndi a matupi amene mimba yayandikira kukula kwa chifuwa, pomwe Y ndi wa chiuno choonda kwambiri. Chachiwiri, ogulitsa ena amalangiza sayizi potengera kulemera kwa munthu, ndipo nthawi zina nambalayo imakhala mu "jin", amene mmodzi ndi theka la kilogalamu. Mukaona 100–120 popanda "kg", mwina akunena makilogalamu 50 mpaka 60. Ine malangizo a kulemerawa sindiwatsatira konse. Anthu awiri a makilogalamu 70 akhoza kusiyana mahipi ndi masentimita khumi, malinga ndi kutalika kwawo ndi pamene thupi lawo limasunga mnofu.

Ngati tchati palibe, kapena chikusoweka muyezo umene ndikuufuna, ndimalembera wogulitsa. Sindimufunsa kuti ndi sayizi iti ingandikwane, chifukwa yankho lake limangokhala longoganizira. Ndimamupempha kuti ayale XL patebulo, ayeze m'mahipi kapena ntchafu, anditumizire chithunzi tepi ili pomwepo. Amene akukana kapena kuyankha zozungulira ndimamusiya, chifukwa kubweza katundu kunja kumatenga nthawi yaitali ndipo nthawi zina mtengo wotumizira umaposa wa chovalacho. Ndimawerenganso zimene ogula ena alemba, koma ndimasamala za okhawo amene atchula miyezo ya matupi awo ndi sayizi imene anatenga. Wongolemba kuti "chinandithina" sakundiuza kanthu, poti sindikudziwa thupi lake.

Katundu akafika, musathamangire kudula timapepala kapena kuchapa. Yalani chovalacho, chiyezeni mmene munayezera chanu chija, n'kufananitsa ndi tchati chimene munajambula pa foni tsiku loitanitsa, chifukwa ogulitsa amatha kuchisintha. Kusiyana kwa sentimita imodzi mpaka atatu anakuchenjezani kale, ndipo simungapambane nako mlandu. Koma ngati analemba 112 n'kukutumizirani 104, jambulani chithunzi chooneka bwino, tepi itagona pachovala kuyambira pa 0, kansalu ka sayizi kakuonekanso, n'kutumiza pamodzi ndi chithunzi cha tchati chija masiku odandaulira asanathe.